Za Kuntchito: Tsanzikani bwino, mabuku akutsala m'manja mwawo

Chakumapeto kwa Epulo, nthawi ili cha m'ma 10 koloko usiku, foni yanga inalira. Anali mwana wa achemwali anga, mtsikana amene kwa zaka zinayi anali akauntanti pa kampani ina yaing'ono yogula ndi kupuntha mpunga kufupi ndi boma la Nkhotakota, komwe ukatuluka muofesi umaiona nyanja. Uthenga wake unali waufupi: "Amalume, ntchito ya ku Lilongwe ija yatheka. Tandiwerengerani kalata iyi musanagone, mawa ndikutumiza kwa abwana."

Ndinatsegula. Sinali kalata ayi, unali mlandu. Masamba awiri athunthu. Munali za malipiro amene anachedwa kawiri. Munali za wothandizira amene anamulonjeza chaka chake choyamba koma osabwera mpaka lero. Munali za Malamulungu amene anagwira ntchito nyengo yogula mpunga, komanso za mwana wa abwana amene ankatapa ndalama m'kabokosi ka ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono popanda kusaina paliponse. Kumapeto anali atalemba kuti akupita kumene anthu amadziwa kufunika kwa munthu wophunzira.

Zonsezo zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa kale chifukwa ankandidandaulira. Komabe ndinamuimbira n'kumuuza kuti, "Iwe, imeneyi isunge m'foni mwako, uziiwerenga ukakwiya. Yotumiza tilemba ina."

"Ndiye kuti ndiname, amalume?"

Funso limeneli ndi lomwe landichititsa kulemba lero, chifukwa ambiri a inu mumaganiza kuti kalata yotsanzika mwaulemu ndi ya anthu amantha kapena achinyengo. Ine ndimaiona mwina. Munthu wosunga ndalama za eni ake akachoka pantchito, amasiya dzina lake m'mabuku amene sadzawagwiranso. Maoditala amabwera iye atapita kale. Akapeza K200,000 yosadziwika kumene inalowera, amafunsa amene atsala, ndipo amene atsalawo ndi amene amasankha kunena kuti "timuimbire atifotokozere" kapena "n'chifukwa chake anathawa". Dalaivala akasiya ntchito amapereka makiyi, galimoto n'kuionera pomwepo ngati ili bwino. Wa ndalama amaweruzidwa patapita miyezi, iye kulibe.

Tisanayambe kulemba, ndinamufunsa ngati kalata ya ntchito yatsopanoyo ili m'manja mwake. Osati foni yoti "mwapambana, tikutumizirani", koma kalata yosainidwa, yonena udindo, malipiro ndi tsiku loyamba. Anati yafika pa imelo masana omwewo. Chabwino. Pali anthu amene anasiya ntchito chifukwa cha mawu apafoni, kenako n'kumva kuti ndalama za pulojekiti sizinabwere. Musatumize kalikonse musanaone siginecha.

Vuto linali tsiku. A ku Lilongwe ankafuna ayambe pa 15 Meyi, ndipo iye chifukwa cha chisangalalo anali atatsala pang'ono kuvomera. Apa ndi pamene lamulo limalowa. Lamulo la ntchito la dziko lino la chaka cha 2000, mu gawo 29, limati munthu wolipidwa pamwezi, amene kontirakiti yake ilibe tsiku lothera, apereke chidziwitso cha mwezi umodzi, ndipo chikhale cholembedwa. Ndiye notisi imene timanena ija. Mwezi umodziwo ndi wochepetsetsa chabe: ngati munasaina kontirakiti yonena miyezi iwiri kapena itatu, monga zimakhalira ndi ena a maudindo a ndalama, mukuyenera kutsata imene munasainayo. Gawo 30 limapitiriza kuti wochoka popanda notisi, ngati abwana sanamukhululukire, alipire ndalama zofanana ndi malipiro amene akanalandira pa masiku otsalawo.

Tinawerengera limodzi. Tiyerekeze kuti malipiro ake ndi K520,000 pamwezi. Kupereka notisi pa 30 Epulo n'kuchoka pa 14 Meyi kukanatanthauza kubweza pafupifupi theka la mwezi, ndalama zokwana ngati K260,000. Munthu ukusamukira ku Lilongwe, kumene eni nyumba ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu usanalowe, K260,000 si yotaya. Koma ngakhale akanakhala nayo, mwezi wa Meyi ku Nkhotakota si mwezi wothawa ofesi ya kampani ya mpunga. Ndi nthawi imene alimi akuyamba kukolola, ogula akutumidwa m'midzi ya ku Bua ndi kufupi ndi Chia atanyamula ndalama za kampani, ndipo tsiku lililonse pamafunika munthu woti afananitse ndalama zimene zatuluka ndi matumba amene alowa m'nyumba yosungiramo katundu. Kuchoka pakati pa zimenezi ndi kusiya dzina lako pa mpanda.

M'mawa mwake anaimbira a ku Lilongwe n'kuwapempha kuti ayambe pa 1 Juni. Ankaopa kuti akwiya. Sanakwiye. Kampani imene ikulemba akauntanti imadziwa kuti mmene wasiyira anzawo ndi mmene adzawasiyire iwo.

Chachiwiri, ndinamuletsa kuti abwana amve nkhaniyi pa imelo. Mwini kampaniyo ndi bambo wachikulire, wa msinkhu wa agogo ake aamuna, amene anamulemba ntchito asanamalize n'komwe mayeso ake onse a ICAM. Munthu wotere sumutsanzika ndi foni ngati ukuletsa oda ya nsomba. Analowa muofesi mwawo m'mawa wa pa 30 Epulo, n'kukhala pansi, n'kunena kuti, "Bwana, ndabwera kudzakudziwitsani ndekha musanamve kwa wina. Ndapeza ntchito ku Lilongwe. Ndigwira mpaka pa 31 Meyi, ndipo ndikufuna ndisiye zonse zili m'malo mwake." Bambowo akuti anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti, "Mwanawe, talakwa chiyani?" Iye anayankha kuti ndi mwayi chabe umene wafika. Imelo inatsatira ola lomwelo, tsiku lisanathe, chifukwa mawa lake linali holide ya pa 1 Meyi ndipo notisi imayamba kuwerengedwa ikaperekedwa molemba, osati pamene munacheza.

Nayi imeloyo. Inalembedwa m'Chingerezi monga mwa nthawi zonse m'maofesi athu, koma ndaiika m'Chichewa mawu ndi mawu, n'kuchotsa mayina. Pa mzere wa Subject panali mawu ochepa: chidziwitso chosiya ntchito, dzina lake, ndi tsiku lomaliza.

"Okondedwa bwana,

"Potsatira zimene takambirana m'mawa uno, ndikulemba kukudziwitsani kuti ndikusiya ntchito yanga ya uakauntanti. Iyi ndi notisi yanga ya mwezi umodzi monga mwa kontirakiti, ndipo tsiku langa lomaliza likhala pa 31 Meyi.

"Ndapatsidwa udindo wina umene undithandize kukula pa ntchito yanga, ndipo ndavomera.

"Ndikuthokoza kwambiri chifukwa munandikhulupirira ndili wongoyamba kumene. Ndi pano pamene ndinaphunzira kutseka mabuku a chaka ndekha ndi kukhala pamaso pa maoditala, ndipo sindidzaiwala kuti munkandilola kuweruka msanga masiku a mayeso anga.

"Mwezi uno ndimaliza kufananitsa mabuku ndi banki mpaka pa 31 Meyi, ndipereka msonkho wa Epulo, ndikonza malipiro a Meyi, ndi kulemba ndondomeko yonse yosiyira ntchito amene mudzamusankhe. Ndikupempha kuti mumutchule msanga kuti tigwire limodzi masabata otsalawa. Ndikachoka, nambala yanga ikhala yomweyi ngati pali funso pa mabuku a nthawi yanga.

"Chonde ndiyankheni kuti mwalandira. Ndikufunirani nyengo yabwino ya mpunga."

Basi. Taonani zimene zilimo ndi zimene mulibe.

Ndime yoyamba ndi ya lamulo. Muli mawu oti "ndikusiya", osati "ndikuganiza zosiya" kapena "ndikupempha chilolezo chosiya". Kusiya ntchito sikupemphedwa, kumadziwitsidwa. Ambiri a ife, chifukwa cha ulemu umene tinaleredwa nawo, timazungulira mpaka abwana osadziwa ngati tikuchokadi kapena tikufuna atiwonjezere malipiro. Muli tsiku lenileni, lolembedwa ndi manambala. Mukalemba kuti "kumapeto kwa mwezi wamawa", mudzakangana pa malipiro omaliza.

Ndime yachiwiri ndi chiganizo chimodzi. Sanatchule kampani yatsopano, sanatchule malipiro atsopano. Palibe lamulo lokukakamizani kunena kumene mukupita, ndipo kulemba kuti "kumeneko andipatsa kawiri ya zimene mumandipatsa" ndi dandaulo lomwe lija, langovala jekete.

Ndime yachitatu ndi imene inayankha funso lake loti "ndiname?" Ndinamuuza kuti asalembe chilichonse chimene sachikhulupirira. Asalembe kuti zaka zinayizi zinali zosangalatsa kwambiri pa moyo wake, chifukwa sizinali. Ndinangomufunsa kuti, "Pali chimene bambo aja anakuchitira chimene ukuthokozadi?" Anakhala chete pafoni, kenako anatchula za mayeso zija. Chimenecho ndi chimene tinalemba. Kuthokoza kotchula chinthu chenicheni kumamveka kuti n'kochokera mumtima, ndipo simunama. Kuthokoza kwa mawu akuluakulu otengedwa pa intaneti aliyense amakuzindikira, makamaka abwana amene akudziwa kuti mwezi watha munatuluka muofesi mwawo mukulira.

Ndime yachinayi ndi imene ili ya akauntanti yekha, ndipo ndi imene ndikufuna tiikhalire pansi.

Malonjezo amene ali mmenemo si okongoletsa kalata. Ndi ntchito zokhala ndi masiku ake. Msonkho wa PAYE umene wadulidwa pa malipiro a mwezi uyenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ndipo makampani olembetsa VAT ali ndi tsiku lawo la pa 25. Pa 14 Meyi ndi holide ya Kamuzu, ndiye iye anapereka wa Epulo tsiku limenelo lisanafike, mnyamata amene anasankhidwa kulowa m'malo mwake atakhala pambali pake akuonera mmene amachitira pa Msonkho Online. Wa Meyi unali woti uperekedwe pofika pa 14 Juni, iye ali kale ku Lilongwe. Anausiya atauwerengera, n'kulemba tsikulo ndi zilembo zikuluzikulu pamwamba pa ndondomeko yosiyira ntchito. Msonkho ukachedwa pamakhala chilango cha ndalama, ndipo chilango chobwera masabata awiri mutachoka chimatchulidwa dzina lanu.

Kenako makiyi amene saoneka. Nambala yake ya foni ndi imene inkalandira timanambala tachinsinsi ta banki pofuna kutumiza ndalama za kampani. Dzina lake linali pa mndandanda wa osainira macheke. Layini ya Airtel Money ndi ya Mpamba zolipirira alimi zinali m'foni imene ankasunga iye. Zonsezi anazilemba, ndipo anakonza yekha kalata yopita ku banki yochotsa dzina lake kuyambira pa 1 Juni, abwana n'kusaina. Musadikire kuti akumbukire okha. Ngati dzina lanu likadali ku banki miyezi iwiri mutachoka, ndalama iliyonse yotuluka molakwika ikhoza kukugwerani. Ndipo mapasiwedi musauze munthu kuti azigwiritsa ntchito anu. Apange ake, anu atsekedwe.

Tsopano mwana wa abwana uja. Pano ndi pamene mtsikanayu anaona kuti kuchotsa madandaulo mu imelo sikutanthauza kukwirira nkhani. Ndalama zimene mnyamatayo anatapa zinali K185,000, ndipo iye anali atazilemba m'kabuku tsiku ndi tsiku, mwamwayi. M'kalata yoyamba ija zinali ngati chitonzo: "mwana wanu amaba". Mu ndondomeko yosiyira ntchito zinakhala mzere wa manambala: ndalama zotengedwa m'kabokosi zimene malisiti ake sanabwere, tsiku lakuti zakuti, tsiku lakuti zakuti, wotenga wakuti, zonse pamodzi K185,000. Pansi pake panali mndandanda wa ogula mpunga asanu ndi mmodzi amene anali ndi ndalama za kampani m'manja, aliyense ndi zimene anatenga, matumba amene wabweretsa, ndi zotsala. Tsiku lomaliza anawerenga ndalama za m'sefa pamaso pa abwana ndi wolowa m'malo uja, onse atatu n'kusaina tsamba lililonse. Abwana atafika pa mzere wa mwana wawo akuti anaima, anavula magalasi, anawavalanso, n'kusaina osalankhula.

Mukuona kusiyana kwake? Dandaulo limene lili la ndalama lili ndi kwawo, ndipo kwawoko ndi pa pepala la manambala losainidwa. Likakhala mu kalata yotsanzika limaoneka ngati mkwiyo wa munthu amene akuchoka, ndipo munthu amalitsutsa. Likakhala pa mndandanda, ndi chiwerengero chabe. Palibe amene amakangana ndi chiwerengero chimene wasainira yekha.

Chimodzimodzi ndi zimene kampani inali nazo ngongole kwa iye. Sanazitaye pofuna kuoneka wabwino. Patapita sabata analemba imelo ina, yosiyana ndi yoyamba, yopempha zinthu zitatu. Choyamba, masiku a tchuthi amene sanapume. Lamulo lomwe lija limapereka masiku osachepera 18 pachaka kwa wogwira masiku asanu ndi limodzi pasabata, ndi 15 kwa wogwira masiku asanu, ndipo otsala amalipidwa munthu akamachoka. Iye anali ndi masiku 10. Kampani yawo imagawa malipiro a mwezi ndi 26 pofuna kupeza a tsiku limodzi, ndiye pa K520,000 ndi K20,000 patsiku, masiku 10 ndi K200,000 msonkho usanadulidwe. Chachiwiri, penshoni. Lamulo la penshoni limati olemba ntchito aike 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5, ndipo ndalamazo ndi zanu ngakhale mutasintha ntchito. Atapempha sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo, zinatsimikizika zimene ankadziwa kale monga wokonza malipiro: miyezi itatu ndalama zinadulidwa koma sizinatumizidwe. Analemba miyeziyo ndi ndalama zake, n'kupempha tsiku limene zidzatumizidwe. Chachitatu, satifiketi yosonyeza kuti anagwira ntchito pamenepo. Gawo 31 limati mukaipempha akupatseni, ndipo imanena nthawi imene mwagwira, udindo wanu ndi malipiro anu pochoka. Lamulo limatinso malipiro omaliza aperekedwe pasanathe masiku asanu ndi awiri ntchito itatha.

Chimodzi chokha chimene ndinamuuza kuti asapemphe ndi ndalama ya chipepeso imene ambiri timaitcha severansi. Kuchokera pamene lamulo linasinthidwa mu 2010, imeneyi imaperekedwa kwa amene achotsedwa chifukwa kampani ikuchepetsa antchito kapena yakumana ndi mavuto a zachuma, ndi amene achotsedwa mopanda chilungamo. Wosiya yekha kukayamba ntchito ina salandira. Ndamvapo anthu akutukwana abwana pa nkhani imeneyi pamene abwanawo sanalakwe.

Ndisabise, pali nthawi imene kalata yokoma ngati iyi ingakupwetekeni. Ngati simukuchoka chifukwa cha mwayi, koma chifukwa akukuzunzani mpaka simungathe kupitiriza, kaya sakukulipirani miyezi yambiri, kaya abwana akukufunani zachipongwe, lamulo mu gawo 60 limakulolani kuchoka ngakhale popanda notisi, ndipo nkhaniyo ingatengedwe ngati akuchotsani. Pamenepo chifukwa chochokera chiyenera kulembedwa momveka, chifukwa mukadzapita kwa mkulu woona za ntchito paboma kapena ku bwalo la milandu ya zantchito, kalata yanu yothokoza ndi yofunira mafuno abwino adzaitulutsa n'kufunsa kuti, "Nanga kuzunzidwako kuli pati apa?" Chimodzimodzi ngati akukukakamizani kulemba manambala abodza kapena kubisa msonkho. Imeneyo si nkhani yoimwetulira, funsani kaye kwa odziwa malamulo kapena ku ICAM musanalembe chilichonse. Koma mwana wa achemwali angayu sanali pamenepo. Anali wotopa, wokhumudwa, ndipo anali atapeza pabwino. Ambiri amene mumandilembera muli pomwepa.

Tinthu ting'onoting'ono timene timagwetsa anthu: imelo yotereyi imapita kwa abwana anu enieni, ndi Cc kwa woona za antchito ngati alipo. Siipita kwa ofesi yonse, ndipo siiyambira pa gulu la WhatsApp. Itumizeni masana, osati pakati pa usiku. Musaike pa sitetasi chithunzi cha ndege ndi mawu oti "Mulungu wandichotsa ku Iguputo", chifukwa mkazi wa abwana ali ndi nambala yanu. Sindikizaninso kalatayo papepala, musaine, wolandira asaine ndi kulemba tsiku, kope imodzi mutenge. Imelo ya kuofesi adzaitseka mukachoka, ndipo umboni wanu udzatsekeredwa momwemo. Koma zotenga zithere pa makalata okhudza inuyo ndi kope ya ndondomeko imene mwasainirana, abwana akudziwa. Kudzitumizira mafayilo a kampani, mitengo yawo kapena mndandanda wa makasitomala awo ndi kuphwanya lamulo losunga chinsinsi, limene kwa akauntanti silitha ntchito ikatha.

Sabata yachiwiri ya notisi abwana anamuitana n'kumuuza kuti amuwonjezera K150,000 akakhala. Anandiimbira mtima uli m'mwamba. Maganizo anga pa nkhani ngati iyi ndi ouma pang'ono: ndalama imene yapezeka lero chifukwa mwanena zochoka inalipo ndi chaka chatha. Komanso anali atasaina kale kwina. Anabwerera n'kukawathokoza, n'kuwauza kuti wapereka kale mawu ake ndipo sangawabweze. Sanawonjezere kuti "mukanachita izi kale". Mawuwo anali pakamwa, akuti, koma anawameza.

Mwina wina akuti zonsezi n'zochulukitsa, kampani yake yaing'ono, ya kuboma lakutali. Koma Nkhotakota mukuidziwa. Msewu waukulu ndi M5, wochokera ku Salima kupita ku Dwangwa. Malo olemba akauntanti ndi owerengeka: makampani a nzimbe ku Dwangwa, khonsolo, zipatala, malo ogona alendo m'mphepete mwa nyanja, mabungwe othandiza alimi ndi asodzi. Anthu ake amakumana pa banki, pa maliro, kutchalitchi ndi kumzikiti. Amayi ake a mtsikanayu akadali konko, ndipo amagula chambo pa doko limodzi ndi akazi a abwanawo. Ndipo Lilongwe si kutali monga tiganizira: a ntchito yatsopano aja anaimbira bambowo foni kufunsa za khalidwe lake sabata imodzi asanayambe. Akanaimba bambowo atangowerenga masamba awiri aja, sindikudziwa kuti akanayankha chiyani. Akulu amati ukamachoka usatseke pakhomo ndi mwala, tseka ndi mayani.

Maoditala anafika mu Ogasiti, mwera uli pakati. Anapeza kuti ndalama za mmodzi wa ogula mpunga aja, K340,000, sizikugwirizana ndi matumba. Wolowa m'malo uja anasokonezeka, ndipo munthu wina muofesimo anayamba kale kunena kuti zinasowa nthawi ya "mtsikana uja". Abwana anatulutsa ndondomeko ija m'kabati. Dzina la wogulayo linalipo, ndalamazo zinalipo pa mzere wa zotsala pofika pa 31 Meyi, masiginecha atatu ali pansi. Anamuimbira foni kungofunsa kumene anasunga kabuku ka malisiti a sikelo. Anawauza shelefu yake. Kukambirana konse sikunathe mphindi zisanu, ndipo theka lake anali mafunso a mmene Lilongwe ikumusungira.

Masiku a tchuthi anamulipira pamodzi ndi malipiro omaliza. Satifiketi anapatsidwa. Za penshoni, miyezi iwiri inatumizidwa mu Julayi, umodzi ukadalipo. Sabata yatha anawalemberanso imelo ya mizere itatu, yoyamba ndi moni, yotchula mweziwo ndi ndalama zake, n'kufunsa tsiku. Ayankha kuti akagulitsa mpunga umene uli m'nyumba yosungiramo katundu. Iye walemba pa kalendala kuti adzafunsenso pa 30.

Kalata ya masamba awiri ija ikadali m'foni mwake. Akuti anaiwerenganso posachedwa ali mu minibasi ya ku Area 25, ndipo anapeza kuti anali atalakwitsa mwezi umene malipiro anachedwa kachiwiri.